Mkaka Wotsegula: Tsiku Lolembedwa pa Paketi Siligwiranso Ntchito

Mkaka umene pa paketi pake palembedwa kuti UHT umatenthetsedwa pa madigiri osachepera 135 kwa masekondi ochepa, kenako n'kutsekeredwa m'paketi yopanda tizilombo. N'chifukwa chake umakhala miyezi ingapo pa shelefu osawonongeka. Koma tsiku lotha ntchito limene limalembedwa pa paketi limanena za mkaka wosatsegula. Mukangodula paketiyo, mabakiteriya ochokera mumpweya, m'manja ndi pa mpeni amalowamo, ndipo kuyambira pamenepo chofunika kwambiri ndi kutentha kwa malo amene mkakawo wasungidwa.

M'firiji yozizira madigiri 4, mkaka wotsegula umakhala bwino masiku 3 mpaka 5. Uikidwe mkatikati mwa firiji, osati pa chitseko, chifukwa pamenepo pamafunda nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 okha.

Kunja kwa firiji malire ake ndi maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, monga zimakhalira masana mu Okutobala m'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire, malirewo amatsika kufika pa ola limodzi. Chifukwa chake n'chakuti pamalo ofunda mabakiteriya ena amatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tiyerekeze kuti paketi yatsegulidwa 6 koloko m'mawa pomwa tiyi, n'kuiwalika patebulo mpaka 10 koloko. M'maola anayi amenewo mabakiteriya angawirikize ka 12, moti 1,000 akhoza kupitirira 4 miliyoni. Choncho banja lopanda firiji lingachite bwino kugula paketi yaing'ono yoti ithe nthawi imodzi, kapena mkaka waufa n'kumasungunula wokwanira kumwa pompopompo.

Mkaka wowonongeka umanunkha mosasa, umachita mibulu kapena kulekana ndi madzi ake, umatha kunanda, ndipo nthawi zina paketi imafufuma. Ngati mukukayikira, wiritsani pang'ono m'kapoto: mkaka umene wayamba kusasa umaundana ukangotentha. Musauyese polawa.

Komabe mphuno ili ndi malire. Mabakiteriya osasitsa mkaka si omwewo amene amadwalitsa anthu. Salimonela ndi lisiteriya sasintha fungo kapena maonekedwe a mkaka, ndipo lisiteriya amatha kuswana pang'onopang'ono ngakhale m'firiji. Kuwiritsanso si chitetezo chokwanira, pakuti mabakiteriya ena amasiya poizoni amene satha ndi moto. Mkaka wongosasa wokha usatengedwe ngati chambiko cha m'sitolo, chomwe chimasasitsidwa dala ndi mabakiteriya osankhidwa.

Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndiwo amadwala kwambiri. Mkaka umene wapitirira nthawi zimenezi asapatsidwe, ngakhale ukuoneka wabwinobwino.