Chifukwa chake nsanja yolimba imanjenjemera munthu akamayendapo

Mwini sitolo akafuna malo owonjezera, njira yotchipa ndi kumanga nsanja: mitanda ya matabwa kapena ya zitsulo zopepuka, pamwamba pake n'kukhomapo matabwa, ofesi yapezeka. Dandaulo limabwera pambuyo. Munthu akadutsa, tiyi amagwedezeka m'kapu, kabati imalira, ndipo wokhala pa desiki amamva mpando ukudumphadumpha. Mmisiri akaitanidwa amalumbira kuti nsanjayo siingagwe, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Kulimba kosathyoka ndi nkhani ina, kusagwedera ndi inanso, ndipo iliyonse ili ndi masamu ake.

Nsanja iliyonse ili ndi liwiro lake la kagwedezekedwe. Ikamenyedwa kamodzi n'kusiyidwa, imakwera ndi kutsika maulendo owerengeka pa sekondi, ndipo chiwerengerocho sichisintha kaya yamenyedwa mwamphamvu kapena pang'ono. Mainjiniya amachiyeza m'mahetsi, omwe amalembedwa Hz: hetsi imodzi ndi kukwera ndi kutsika kumodzi pa sekondi. Nsanja youma ndi yopepuka imagwedezeka mofulumira, pomwe yofewa kapena yolemera imagwedezeka mochedwa.

Munthu woyenda amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi, kuyambira 1.6 kufika 2.2 malinga ndi changu chake. Wina angaganize kuti nsanja ya 6 Hz ili kutali ndi zimenezi, koma si choncho. Phazi silikankha mofanana nthawi yonse: chidendene chimagunda, thupi limatsamira, zala zimakankha ponyamuka. Choncho mphamvu ya woyenda pa 2 Hz imakhalanso ndi zigawo zing'onozing'ono pa 4, pa 6 ndi pa 8 Hz. Chimodzi mwa zigawozi chikafanana ndi liwiro la nsanja, phazi lililonse limawonjezera pa zomwe linasiya linzake, monga mwana wa pa katungwe amapita m'mwamba chifukwa choti womukankha wapeza nthawi yoyenera, ngakhale akukankha ndi dzanja limodzi. Tsoka lake n'lakuti thupi la munthu limamva kwambiri kugwedezeka kwa pakati pa 4 ndi 8 Hz komweko.

N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya a zomanga ndi matabwa, Eurocode 5 ya 2004, anaika malire pa 8 Hz pa nsanja za nyumba zogonamo. Yomwe ili pansi pa malirewa imafuna kafukufuku wapadera.

Kupeza liwiroli sikufuna makina odula. Pali chidule chomwe mainjiniya amagwiritsa ntchito pa mtanda wogona pa zipupa ziwiri:

```
f = 18 / √δ
δ = 5wL⁴ / (384EI)
```

Apa δ ndi mamilimita omwe mtanda umabwafuka pakati pake chifukwa cha kulemera komwe wasenza nthawi zonse, w ndi kulemerako, L ndi mtunda pakati pa zipupa, E ndi kuuma kwa mtundu wa thabwa, ndipo I imachokera ku makulidwe a mtanda.

Titenge chipinda cha mamita 4 pakati pa zipupa, chokhala ndi mitanda ya paini ya mamilimita 50 m'lifupi ndi 200 msinkhu, yotalikirana mamilimita 400. Mitanda, matabwa apamwamba ndi siling'i ya pansi, zonse pamodzi tiziyese makilogalamu 50 pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza kuti mita iliyonse ya mtanda ikusenza makilogalamu 20. Kuuma kwa thabwa tikuyese 9,000 N/mm², komwe ndi kwa paini wapakatikati wouma bwino. Masamu akupereka kubwafuka kwa mamilimita 2.2, ndipo 18 kugawa ndi √2.2 ndi pafupifupi 12 Hz. Nsanjayi yadutsa malire bwinobwino.

Tsopano mwini nyumba wati chipinda chikule pang'ono, chikhale cha mamita 5, mitanda ikhale yomweyo. Mita imodzi yokha imaoneka yochepa, koma L m'masamu aja imachulukitsidwa yokha kanayi. Kubwafuka kukukwera kufika mamilimita 5.3, ndipo liwiro likutsika kufika 7.8 Hz. Nsanja yomwe inali yabwino yalowa m'dera lomwe mapazi amaigwedeza, pomwe maso sakuona kusiyana kulikonse, chifukwa mamilimita 5 pa mamita 5 palibe angawazindikire.

Apa ndi pomwe ndalama zimatayika. Ambiri amathamangira mitanda yonenepa, ya 75 ndi 200, ndipo liwiro limangokwera kufika 9 Hz ndi pang'ono. Mtanda wa 50 ndi 250 umadya thabwa lochepa kuposa umenewo, koma umakweza liwiro kufika pafupifupi 10.6 Hz, chifukwa kuuma kwa mtanda kumakula ndi msinkhu wake wochulukitsidwa wokha katatu. Njira yamphamvu kuposa zonsezi ndi kudula mtunda, poika chipupa kapena chitsulo cholimba pakati. Chitsulocho chikhaledi cholimba, popeza nachonso chikabwafuka, kubwafuka kwake kumaphatikizidwa ndi kwa mitanda, ndipo liwiro la nsanja yonse limatsika kuposa la chilichonse mwa ziwirizo pachokha. Kuiwala zimenezi ndi cholakwa chofala ngakhale kwa ophunzira.

Ena amathira simenti pamwamba poganiza kuti kulemera kuchiza. Kumathandizadi mbali imodzi, chifukwa chinthu cholemera phazi limavutika kuchisuntha. Koma kulemera kukawirikiza kawiri popanda kuuma kowonjezera, 12 Hz ija imatsika kufika pafupifupi 8.6, ndipo ya 7.8 imagwera pa 5.5, pakatikati pa dera loipa.

Kudutsa 8 Hz sikumaliza nkhani, ndipo apa m'pamene nsanja zopepuka zimasiyana ndi za konkire. Nsanja yopepuka siikhala ndi nthawi yokuza kugwedezeka kuchokera phazi lina kufika linzake, koma chidendene chilichonse chimaigunda ngati nyundo, chifukwa munthu wa makilogalamu 70 ndi katundu wamkulu pa iyo. Choncho pali muyeso wachiwiri: kuika katundu wa pafupifupi makilogalamu 100 pa malo amodzi pakati pa nsanja n'kuona kutsika kwake. Ku Britain malire ndi mamilimita 1.8 pa nsanja zosapitirira mamita 4. Mtanda umodzi wa m'chitsanzo chija, utasenza wokha, ungatsike mamilimita 4.4. Umapulumuka pokhapokha ukagawana katundu ndi anzake a m'mbali, ndipo zimenezi zimadalira matabwa apamwamba okhuthala, omangidwa ndi zomangira ndi guluu, komanso zidutswa zokhomedwa mothina pakati pa mitanda. Zidutswazi n'zomwe kalipentala wofulumira amasiya, poti siling'i idzabisa.

Pa nsanja yomangidwa kale, kuyeza n'kosavuta. Munthu amaima pakati, amanyanyamphira pa zala, kenako n'kudzigwetsera pa zidendene, pomwe foni yokhala ndi pulogalamu yoyeza kugwedezeka ili gone pa thabwa. Nsonga zomwe zaoneka pa chithunzi m'sekondi imodzi ndilo liwiro lake. Chithunzicho chimaonetsanso kuti kugwedezeka kukutha msanga bwanji. Chipinda chopanda kanthu chimanjenjemera nthawi yaitali, pomwe zipupa zogawa zipinda, mipando ndi siling'i zimameza mphamvuyo. Ichi n'chifukwa chake ofesi yomwe inali chete imayamba kudandaulitsa anthu zipupa zogawa zikachotsedwa.

Masamu onsewa atsamira pa E, ndipo wogula matabwa pa msika, kaya ndi paini wa ku Chikangawa kapena wa kwina, sapatsidwa nambala imeneyi. Thabwa laliwisi n'lofewa kuposa louma, la mfundo zambiri n'lofewa kuposa losalala, ndipo lotchedwa la 200 likhoza kupezeka la 190 likayezedwa, zomwe zimachotsa pafupifupi 14 pa 100 ya kuuma kwake. Injiniya wosamala amayeza mtanda ndi tepi, amaugoneka pa njerwa ziwiri, amaikapo thumba la simenti la makilogalamu 50 pakati, ndipo kuchokera pa kutsika kwake amawerengera yekha kuuma kwa thabwalo asanalole kuti likwere pa chipupa.