Agogo a ku Ruarwe akwera ndege

Ana anga, kodi munthu wa ku Ruarwe akafuna kukwera ndege amayambira pati? Amayambira pamadzi! Ruarwe ndi mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa Usisya, ndipo galimoto safikako. Agogo a m'nthano yathu anaitanidwa ndi ana awo a ku Joni. Anakwera kaboti kupita pomwe panaima sitima ya Ilala. Anatsikira pa Nkhata Bay, nakwera minibasi ya ku Mzuzu, kenako basi ya ku Lilongwe. Tawerengani zala. Akwera zinthu zingati ndege asanaione? Zinayi!

Nanga pa bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi, anayamba ndi chiyani? Anayamba ndi sikelo. Anafika kudakali maola atatu, mdzukulu wawo wa ku Lilongwe atawanyamulira chikwama. Anapereka pasipoti ndi tikiti. Tikiti yawo inkalola makilogalamu 23, koma sikelo inaonetsa 26. Apitirira ndi angati? Eya, atatu. Paketi imodzi ya shuga ndi kilogalamu imodzi, ndiye tayesani kunyamula atatu mumve. Agogo anatsegula chikwama. Anatulutsa mtondo waung'ono umene ankafuna kukapatsa mpongozi wawo. "Sunga iwe mwana wanga," anatero kwa mdzukuluyo. Sikelo inatsika, nkhope yawo inawala.

Kodi chikwamacho chinapita kuti? Apa ndiye Agogo mtima unagunda. Anachimata kapepala, chinakwera lamba woyenda yekha, n'kulowa kuseri kwa khoma. "Katundu wanga uyo akupita!" anafuula. Mayi wa pa tebulo anamwetulira. "Musadandaule Agogo. Chikwera ndege yomweyi, kunsi kwa mipando yanu. Sungani kapepala aka, nambala yake ndi yomwe ili pachikwama." Anawapatsanso kakhadi kokwerera ndege. Panalembedwa 14A.

Nanga mdzukulu uja analowa nawo? Ayi. Kutsogoloko kumalowa apaulendo okha. Anatsanzikana, ndipo wantchito wina anawaperekeza Agogo. Achikulire amaloledwa kupempha thandizo lotere. Wa zolowa ndi kutuluka m'dziko anayang'ana chithunzi cha m'pasipoti, nayang'ana nkhope yawo. Kenako chidindo chinalira, du! Chidindocho chimanena tsiku limene munthu watuluka m'Malawi.

Kodi makina angaone m'kati mwa thumba lotseka? Inde, ndipo ine zimandidabwitsa mpaka lero! Agogo anaika kathumba kawo ka m'manja m'mbale yaikulu. Mbaleyo inalowa m'makina. Pa kanema panaoneka makiyi, sipuni ndi botolo, thumba lisanatsegulidwe. Botolo la madzi linatsala pomwepo, chifukwa zamadzimadzi za m'manja sizipitirira mamililita 100 pa botolo. Mpeni ndi lumo nazo saloleza m'kathumba aka. Tsopano tsekani maso. Mu thumba lanu la kusukulu makinawo akanaona chiyani?

Ndiye 14A uja ndi chiyani? Ndi mpando. Nambala 14 ndi mzere, ndipo A ndi mpando wa pa windo. Mwayi bwanji! Anamanga lamba m'chiuno, kuti kwe. Ndege inayenda pang'onopang'ono, inaima, kenako inabangula n'kuthamanga. Msana wa Agogo unakanikizika kumpando. Posakhalitsa nyumba zinachepa, misewu inasanduka timizere. Kenako mitambo inali pansi pawo. Taganizani, mitambo yomwe amaiona ikubweretsa mvula pa nyanja, lero akuiyang'ana kuchokera pamwamba! Ndege zotere zimakwera makilomita pafupifupi 10.

Bwanji makutu awo anatsekeka? Ndege ikamakwera kapena kutsika, mpweya umasintha mphamvu yake yokankha khutu. Mtsikana wopereka chakudya anawerama. "Mezani malovu Agogo, kapena yasamulani." Anameza, makutu anati pwa! Tamezani nanunso, mumvetsere bwino. Mwamva kaphokoso m'khutu?

Anafika nthawi yanji? Patatha maola awiri ndi theka, anatera pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg. Ananyamuka 1 koloko masana. Werengetsani nokha. Wotchi sanaisinthe, chifukwa nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi. Anadinditsanso pasipoti, nafunsidwa kuti akhala masiku angati. Anaonetsa tikiti yobwerera ndi pepala la adiresi ya mwana wawo.

Pa zikwama zambirimbiri zozungulira pa lamba, chawo anachidziwa bwanji? Anali atamangirira kansalu ka chitenje chofiira pa chogwirira. Anachikokera pa kangolo, nadutsa pakhomo lotseguka lokha. Kunja kunali khamu la anthu. Pakati pawo panali mwana wawo wamkazi akukupiza manja, ndi adzukulu awiri amene ankangowaona pa foni. Wamng'onoyo anathamanga n'kuwakumbatira m'miyendo. "Agogo, simunaope?" Agogo anaseka. "Ndinaopa lamba uja atanditengera chikwama. Koma kumwambako kulibe mafunde a mwera, mwana wanga. Ndinamwa tiyi osatayika ngakhale dontho!"