Kalata yothokoza yodzera kwa mkhalapakati

Intavyu yomaliza yatha, munthu watuluka m'chipinda thukuta lili kamukamu. Amene amamufunsa mafunso anali atatu, koma adiresi ya imelo imene ali nayo ndi imodzi yokha: ya mkhalapakati amene kampani inamutuma kuti aisakire wantchito. Nanga zikomo wake akafika bwanji kwa atatu aja?

Ku America kutumiza imelo yothokoza pambuyo pa intavyu ndi mwambo wozika mizu. Ku Britain ndi ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amapeza ntchito kudzera m'maejensi, si onse amatero, koma njira yake ndi yodziwika: uthenga umadzera kwa mkhalapakati. Chifukwa chake nchakuti iyeyu amalipidwa ndi olemba ntchito, ndipo kawirikawiri ndalama yake imatuluka pokhapokha munthu amene wamubweretsa akalembedwa. Ku Britain lamulo la 1973 limaletsa maejensi ambiri kulipiritsa wofuna ntchito. Choncho mkhalapakati amafuna kuti munthu wake apambane, koma safuna kulambalalidwa.

Kuno kwathu pali chifukwa china. Zidziwitso zina za ntchito zimachenjeza kuti aliyense wonyengerera ofunsa mafunso mwamseri adzachotsedwa pa mndandanda. Munthu akasaka nambala ya wapampando n'kumulembera pa WhatsApp usiku, ngakhale cholinga chili chabwino, zimaoneka ngati akulowera kukhomo lakuseri. Kudzera kwa mkhalapakati zonse zimakhala poyera.

Chinsinsi cha imelo yotere nchakuti ili ndi owerenga awiri, motero imalembedwa m'zigawo ziwiri. Tiyerekeze mayi wina, akauntanti, amene wachita intavyu Lachinayi m'mawa ku Lilongwe. Ofunsa anali mkulu wa zachuma, mkulu woona za antchito ndi membala wa bodi. Pocheza, mkulu wa zachuma anadandaula kuti malipoti a kutha kwa mwezi amachedwa chifukwa maofesi a m'maboma satumiza malisiti msanga.

Madzulo a tsiku lomwelo mayiyu akulembera mkhalapakati. Chigawo choyamba ndi mizere iwiri: akumuthokoza chifukwa chokonza intavyu, ndipo akumupempha kuti, ngati malamulo a kampani akulola, apititse uthenga uli m'munsiwo kwa ofunsa aja. Mawu akuti "ngati malamulo akulola" amapatsa mkhalapakati mpata wokana popanda manyazi.

Chigawo chachiwiri chikuyamba ndi maina a anthu atatuwo, olembedwa monga alili m'kalata yomuitana ku intavyu. Kenaka akuthokoza chifukwa cha nthawi yawo, n'kubwerera ku nkhani ya malisiti ija. Akunena kuti kumene akugwira ntchito pano anakonza zoti maofesi akutali azitumiza zithunzi za malisiti Lachisanu lililonse m'malo modikira kutha kwa mwezi, ndipo angakonde kuyesa njira yomweyo. Akumaliza ndi chiganizo chimodzi chotsimikiza kuti ntchitoyo akuifunadi. Zonse pamodzi sizikupitirira mawu 120. Chimene chikupatsa kalatayi mphamvu ndi nkhani ya malisitiyo, chifukwa ikusonyeza kuti mayiyu ankamvetsera, ndipo palibe wina angaitumize ku kampani ina osasintha kanthu.

Ngozi yaikulu ili pa batani la Forward. Mkhalapakati wotanganidwa amangodina, imelo yonse n'kupita mmene ilili. Ngati mayi uja analemba pamwamba kuti funso la membala wa bodi linamuzunguza mutu, kapena kuti malipiro akachepa savomera, ofunsa onse atatu aziwerenga. Nkhani za malipiro ndi madandaulo zimayenera imelo ina, kapena foni.

Nthawi nayo ndi yofunika. Ofunsa ambiri amakambirana za amene amusankhe tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo uthenga wodzera mwa munthu wina umachedwerapo panjira. Ndiye chifukwa chake alangizi a za ntchito amati itumizidwe pasanathe maola 24. Intavyu ikakhala Lachisanu, kudikira Lolemba ndi kuchedwa.

Komabe kalatayi ili ndi malire. M'boma ndi m'mabungwe amene amapereka malikisi pa yankho lililonse, mapepala amasainidwa ofunsa asanabalalike, ndipo imelo singawonjezere kanthu. Ena salola n'komwe kuti uthenga wa wofuna ntchito ufike kwa ofunsa chisankho chisanalengezedwe.

Mkhalapakati akayankha kuti wapititsa, nkhani yatha. Akakhala chete, mayi uja satumizanso kalata yothokoza kachiwiri. Amadikira tsiku limene anauzidwa kuti zotsatira zidzatuluka, ndipo likadutsa ndi masiku awiri kapena atatu, amalembera mkhalapakati yemweyo funso lalifupi lofuna kudziwa pamene zinthu zafika.