"Tidzakuimbirani" si yankho: mmene mungakanire wofunsira ntchito mwaulemu

Maintavyu ambiri amatha ndi mawu oti "tidzakuimbirani", koma kwa anthu ochuluka foniyo siilira. Munthu wakongola ndalama ya basi, wabwereka jekete, wayankha mafunso onse, kenako kuli zii. Masabata amadutsa akudzidzimuka ndi nambala iliyonse yachilendo. Mabwana ena amaganiza kuti kukhala chete n'kumumvera chisoni, pamene zoona zake akungomudyera nthawi.

Tiyerekeze kuti kampani ina ikufuna kalaliki mmodzi wowerengera ndalama. Yaitana anthu asanu ndipo yasankha mmodzi. Kodi anayi otsalawo auzidwe liti? Atatu omwe zaonekeratu kuti sangatengedwe auzidwe sabata yomweyo. Amene wakhala pa nambala 2 ayambe wadikira kufikira wosankhidwayo atasaina kalata ya ntchito, chifukwa mwina akhoza kukana malipiro. Akangosaina, uthenga upite tsiku lomwelo, pa imelo kapena njira ina yomwe munamuitanira.

Uthengawo ukhoza kukhala wotere:

"Mayi Uje, zikomo pobwera ku intavyu ya ntchito ya ukalaliki Lachiwiri lapitali. Tikukudziwitsani kuti sitinakusankheni, ndipo ntchitoyi tapatsa munthu wina. Munachita bwino pa mayeso oyanjanitsa mabuku athu ndi lipoti la kubanki, koma timafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito yokonza malipiro a antchito. Chiganizochi sichisintha. Tikukufunirani zabwino zonse."

Onani pomwe pali nkhani yeniyeni: m'chiganizo chachiwiri. Munthu amawerenga uthenga wotere mtima uli m'mwamba, kawirikawiri pa foni. Mukayamba ndi ndime ziwiri zomutamanda, adzayamba kusangalala, ndiye kukanako kudzamupweteka kawiri. Komanso mawu oti "sitinakusankheni" alembedwe momwemo. Kulemba kuti "zinthu sizinayende monga timayembekezera" kumamusiya akudzifunsa ngati ntchitoyo yaimitsidwa kapena iyeyo ndiye wakanidwa.

Chifukwa chomwe mwapereka chikhale chimodzi, choona, ndiponso chochokera pa zomwe munalengeza kuti mukufuna. Mayi Uje akudziwa tsopano kuti chomwe chawasowa ndi luso lokonza malipiro, ndipo akhoza kulifunafuna. Koma mawu ngati "simukugwirizana ndi chikhalidwe cha kampani yathu" sathandiza aliyense, amangobweretsa maganizo oti mwina nkhani ndi mtundu kapena chipembedzo. Pajatu lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limaletsa tsankho polemba anthu ntchito, kaya chifukwa choti munthu ndi wamkazi kapena wamwamuna, mtundu wake, chipembedzo, ulumali ngakhalenso zoti ali pabanja. Ngati chifukwa chanu mukuchita nacho manyazi kuchilemba, vuto si kalembedwe. Bwererani mukaunikenso chisankhocho.

Tsono pali timawu tokoma tomwe timaononga zonse. "Pakadali pano sitinathe kukutengani" amamveka ngati mawa zisintha. "Tasunga makalata anu, mpata ukapezeka tidzakuuzani" ndi bodza ngati palibe munthu amene adzatseguledi fayiloyo. Ndipo bodzali lili ndi mtengo wake. Munthu akhoza kukana ntchito ya malipiro ochepa kwina, kapena kuzengereza kuyamba geni, poganiza kuti kampani yaikulu ija imuitana. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma uthenga wanu wamuuza kuti adikire wa pachala.

Njira yodziwira ngati mwaika chiyembekezo chabodza ndi yapafupi. Werenganinso chiganizo chilichonse chonena za mtsogolo, n'kudzifunsa kuti: ndani adzachite zimenezi, ndipo liti? Ngati mulibe dzina ndi mwezi, chifufuteni. Ngati mukudziwadi kuti mu Julayi mulengezanso ntchito yofanana, nenani choncho, koma muonjezere kuti adzayenera kufunsiranso ngati wina aliyense.

Nanga munthuyo akayankha modandaula kuti "chonde bwana, ndiganizireni, ngakhale yongodzipereka"? Apa ndi pomwe ambiri amafooka n'kunena kuti "tiona". Osatero ayi. Muyankheni kamodzi, mwachidule, kuti mwamva pempho lake koma malowo adzadza ndipo palibe mpata wina. Musayambe kumufotokozera za amene mwamutengayo, kaya dzina kapena mapepala ake, chifukwa zimenezo ndi zachinsinsi ndipo zimangoyambitsa mtsutso.

Pomaliza, pansi pa uthengawo pakhale dzina ndi udindo wa munthu weniweni, makamaka amene anali nawo pa intavyupo. Ndipo aliyense mwa anayiwo alandire uthenga wakewake. Kutumiza imelo imodzi yoonetsa maadiresi a onse n'kuulutsa kwa anthu osawadziwa kuti uje akufunafuna ntchito, pamene mwina abwana ake a panopa sakudziwa n'komwe.