KATEMERA WA FULUWENZA NDI CIFUWA CA MALUME ANGA

Ndikulemba kuno ku Sunningdale mu mzinda wa Harare, kumene ndikhala tsopano nditagwira nchito zaka zambiri m'cipatala ca pa mgodi. Ndifuna kukusimbirani za malume anga, pakuti nkhani yao ikhudza inu nonse amene mutsika pansi pa nthaka, pamodzi ndi makolo ndi akazi amene munawasiya kunyumba.

Malumewo anacoka kwathu ku Dedza ali mnyamata, nagwira nchito ya mcini wobowola mwala ku Joni, ndipo pambuyo pace m'migodi ya golide kuno ku Zimbabwe. Pfumbi la mwala linatsalira m'mapapo mwao. Madotolo acha nthenda imeneyi silikosisi, ndipo siicoka ai. Pamwamba pace anadwalaponso cifuwa cacikuru, nacira. Cotero ngakhale pa tsiku labwino, akayenda kufika ku mseu wa Seke ayenera kuima kawiri kuti apume.

Mu Juni 2023, malume ali ndi zaka 73, mdzukulu wao anabwera ndi fuluwenza kucokera ku sukulu. Mwanayo anagona masiku 3 nadzuka. Mpongozi wao, mnyamata wamphamvu, anajomba ku nchito masiku 2 basi. Koma malume anagwidwa mwadzidzidzi madzulo ndi kutentha thupi, kuphwanya m'nkhongono ndi cifuwa couma. Pa tsiku lacisanu anaoneka ngati apezako bwino, tonse tinakondwa. Mawa lace kutentha kunabweranso koposa kale, nayamba kupuma mofulumira ndi kumva cobaya m'nthiti. Apo ndinadziwa kuti cibayo calowa. Anagona m'cipatala masiku 9 akupumira mpweya wa m'botolo, ndipo ndarama zimene ana ao anatumiza kucokera ku Rustenburg zomangira cipinda zinathera komweko.

Taonani abale, nthenda inali imodzi m'nyumba imodzi, koma inasankha mwini wace. Fuluwenza imasupula m'kati mwa njira za mpweya, ndipo tizirombo tina timapeza polowera. Munthu wa mapapo abwino ali ndi mpweya wotsala wolimbana nao. Munthu wa pfumbi alibe. Ndico cifukwa cace katemera apindulitsa koposa anthu a cifuwa coonongeka ndi pfumbi, cifuwa cacikuru kapena mphumu, a nthenda ya mtima ndi ya shuga, amene ali ndi kacirombo ka HIV, ndi okalamba opitirira zaka 65. Ana ang'ono oyambira miyezi 6 kufikira zaka 5 alinso m'gulu lomweli.

Za akazi apakati ndinenepo pang'ono, cifukwa amuna ambiri amaletsa akazi ao poopa kuti mimba idzacoka. Ku Soweto madotolo anayesa nkhaniyi mu 2011 ndi 2012, otsogolera ali Profesa Shabir Madhi. Anapeza kuti mwa amai olandira katemera, fuluwenza inacepa pafupi-fupi ndi theka, ndiponso inacepa comweco mwa makanda ao atabadwa. Khanda losakwana miyezi 6 silingalandire katemerayu, cotero cikopa cace ndico cimene lalandira kwa amace liri m'mimba.

Nanga inu anyamata olimba? Ambiri a inu mudzacira nokha. Koma mugona ambiri m'cipinda cimodzi, mutsika mothithikana m'khechi imodzi, ndipo pa chuthi mubwera nayo kwa atate anu. Si zacilendo zimenezi. Mu Okutobala 1918 fuluwenza inayenda ndi njanji, nipha anthu ambiri-mbiri m'makomponi a ku Kimberley ndi a dziko lino.

Mu Epulo 2024 ndinanena kwa malume, "Malume, caka cino tiyeni mukabayitse mphepo isanafike." Iwo anakana ndithu. "Iwe mphwanga, mnzanga wa ku Mbare anabayitsa, ndipo sabata lomwelo anagona. Mankhwala amenewo ndiwo amapatsa nthendayo."

Mau amenewa ndawamva kosawerengeka, ndipo sindiseka owanena, pakuti mnzaoyo anadwaladi. Koma m'jekeseni mulibe kacirombo kamoyo. Muli zidutswa za kacirombo kophedwa, zimene sizingaswane m'thupi. Thupi limaziona, niphunzira kumenyana nazo, ndipo kuphunzirako kutenga masabata 2. Munthu akabayitsa mocedwa, mu Juni anthu akutsokomola kale m'makombi, angatenge nthenda pa mzere wa ku kiliniki pomwepo, nigwa patapita masiku 2 kapena 3. Mlandu amaupereka kwa jekeseni. Palinso cimfine wamba, cimene katemerayu sacidziwa konse.

Kusiyanitsa sikubvuta. Zowawa za katemera ziyamba tsiku lomwelo kapena mawa lace: mkono ulemera ndi kutupa pang'ono pobayapo, ena amva kamutu, kutopa ndi kutentha pang'ono. Zitha zokha m'masiku 2. Katemera sabweretsa cifuwa, mamina kapena zironda za pakhosi. Mukaona zimenezo, kapena kutentha kukapitirira masiku 3, ndiye kuti ndi nthenda yina, pitani akakuoneni.

Coopsa ceni-ceni ciripo, sindingabise, koma ncosowa zedi. Pafupi-fupi munthu mmodzi mwa 1,000,000 thupi lace limakana mankhwalawa, natupa milomo ndi kubanika. Kawiri-kawiri zimenezi zicitika posacedwa munthu atabayidwa, ndico cifukwa anamwino amati khalani pa benchi mphindi 15 musanapite. Musathamangire kombi ai. Ngati munakomokapo kapena kutupa ndi katemera kale, kapena munadwalapo nthenda yofoola miyendo mutabayitsa, nenani asanakubayeni. Ndipo ngati thupi latentha tsiku limenelo, yambani mwacira.

Malume anabvomera nditawakumbutsa za cipinda cosamangidwa cija. Tinapita m'tauni ku sitolo ya mankhwala, tinalipira tokha, nawabaya pa mkono wamanzere kumtunda. Usiku anadandaula kuti sangagonere mbali imeneyo, ndipo anandiyang'ana ndi diso loipa. Ndinawapatsa panado, ndi kuwauza kuti aziyendetsa mkonowo. Lacitatu lace anali kuthirira ndiwo zao kuseri kwa nyumba.

Tsono musaganize kuti sanatsokomolenso. Mu Julayi anadwala cimfine masiku 4, nanditumizira mau akuti ndarama zapita pacabe. Koma sanagone m'cipatala. Sindingalumbire kuti ndi katemera yekha anacita zimenezo. M'caka cabwino katemerayu amacepetsa kudwala ndi theka kapena kucepera apo, ndipo mwa okalamba mphamvu yace imatsikirapo. Cifuwa cacikuru saciletsa, pfumbi salicotsa. Munthu wa ku mgodi akatsokomola masabata 2, natuluka thukuta usiku, nayamba kuonda, akapimitse makhololo, asamati ndinabayitsa kale.

Funso lotsiriza la malume linali lakuti, "Nanga bwanji caka ndi caka, pamene wa nthomba tinatemera kamodzi?" Kacirombo ka fuluwenza kamasintha maonekedwe ace, ndiponso citetezo ca m'thupi cimazirala miyezi ikapita. Cifukwa cace m'mwezi wa Seputembala akatswiri a Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse amasankha mitundu yoika m'katemera wa maiko a kumwera kuno, ndipo amafika kwa ife ca mu Malichi kapena Epulo. Inu a ku South Africa, makiliniki a boma amapereka katemerayu kwaulere kwa anthu a m'magulu ambiri mwa amene ndachula aja, koma amabwera wowerengeka, cotero funsani msanga, kapena funsani dotolo wa pa mgodi wanu.

Mu Epulo 2025 malume sanadikire kuti ndiwakumbutse. Anatuma mdzukulu uja kudzandifunsa tsiku lopita m'tauni, nati ulendo uno awabaye kumanja, popeza iwo amagonera kumanzere.