Pamene Malaŵi asanduka MalaÅµi pa kompyuta

Mlembi wa pa ofesi amalemba "Malaŵi" bwinobwino, n'kusunga. M'mawa mwake tsamba la pa intaneti likuonetsa `MalaÅµi`, ndipo ng'ombe yasanduka `ngâ€™ombe`. Ambiri amathamangira kuganiza za vairasi. Vairasi palibe. Chimene chachitika n'chakuti makina atatu amene amapatsirana mawuwo sanagwirizane kawerengedwe kake.

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala otchedwa mabayiti. Kuti nambala ikhale chilembo, pamafunika ndondomeko yonena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Ndondomeko yakale ya ASCII, ya mu 1963, ili ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Kenako kunabwera Latin-1, imene inawonjezera zilembo za kumadzulo kwa Ulaya monga é ndi ç, chilembo chilichonse bayiti imodzi. Chilembo cha ŵ mulibemo. Chimapezeka mu UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, ndipo ndondomekoyi imalola chilembo chimodzi kutenga mabayiti kuyambira imodzi mpaka anayi.

Mu UTF-8, ŵ amasungidwa ngati mabayiti awiri, `C5` ndi `B5`. Bulawuza ikauzidwa kuti tsambalo lili mu Latin-1, imawerenga bayiti iliyonse payokha: `C5` imakhala Å, `B5` imakhala µ. Umo ndi mmene `MalaÅµi` amabadwira. Zilembo za Chingerezi zimapulumuka chifukwa manambala ake ndi ofanana m'ndondomeko zonsezi, n'chifukwa chake wopanga webusaiti amene anaiyesa ndi mawu a Chingerezi okha saona vuto lililonse. Ng'ombe imavulala chifukwa mapulogalamu olembera amakonda kuika kachizindikiro kopindika m'malo mwa kowongoka, ndipo kopindikako kamatenga mabayiti atatu.

Maonekedwe a zilembo zosokonekerazo amaulula pamene pali vuto. Zikakhala ngati `Åµ`, mawu akadali amoyo, angowerengedwa molakwika. Kachizindikiro kakuda `�`, monga mu `Mo�ambique`, kamasonyeza zosiyana: mawu a Latin-1 akuwerengedwa ngati UTF-8. Koma `Mala?i` ndi nkhani yomvetsa chisoni. Apa databesi inalandira chilembo chimene inalibe malo ake, n'kuikapo chizindikiro cha funso. Ngati ndi mmene zasungidwira, ŵ wapita, ndipo angabwerere kuchokera m'kope lakale kapena polembanso pamanja.

Vuto lozunza kwambiri ndi limene limabisala kwa zaka. MySQL, imene mawebusaiti ambiri amasungiramo nkhani, inkasankha yokha `latin1` mpaka pamene mtundu wa 8.0 unatuluka mu 2018. Tsamba limatumiza mabayiti a UTF-8, databesi n'kuwalandira poganiza kuti ndi Å ndi µ, ndipo ikafunsidwa imawabweza momwemo. Bulawuza imaonetsa ŵ wabwinobwino. Zolakwa ziwirizo zimaphimbana, mpaka tsiku losamutsira webusaiti ku seva ina. Patsikulo databesi imatembenuza Å ndi µ aliyense payekha kukhala UTF-8, mabayiti awiri aja n'kukhala anayi, ndipo zikafika poipitsitsa owerenga amaona `MalaÃ…Âµi`.

Katswiri wanzeru sakhulupirira zimene maso akuona pa tsamba. Amafunsa databesi kuti ionetse mabayiti enieniwo:

```sql
SELECT dzina, HEX(dzina) FROM mayiko;
```

Ikayankha `4D616C61C5B569`, mabayiti ali bwino. Pakati pakaoneka `C385C2B5`, mawu anatembenuzidwa kawiri. Pakaoneka `3F`, chilembo chinatayika.

Ngati mabayiti ali bwino koma danga lake lalembedwa kuti `latin1`, kulisintha mwachindunji ndiko kumaononga zinthu. Njira yake ndi kuyamba kusunga kope la databesi yonse, kenako kudutsitsa dangalo mu mtundu wosatanthauzira mabayiti, kuti chisinthe ndi dzina la ndondomeko lokha:

```sql
ALTER TABLE mayiko MODIFY dzina VARBINARY(255);
ALTER TABLE mayiko MODIFY dzina VARCHAR(255) CHARACTER SET utf8mb4;
```

Dzina la `utf8mb4` n'lofunika kulisamala. Chimene MySQL yakale imachitcha `utf8` chimalekeza pa mabayiti atatu, choncho ŵ amakwanamo koma tizithunzi ta nkhope zoseka timene anthu amatumizirana pa foni sitikwanamo.

Zikatero pamatsala malo awiri. Pulogalamu ya pa seva iyenera kuuza databesi kuti akambirana mu `utf8mb4` nthawi iliyonse akalumikizana. Bulawuza nayo iyenera kuuzidwa, kudzera mu `<meta charset="utf-8">` pamwamba pa tsamba. Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi: amakonza mzerewu koma osaona kusintha, chifukwa seva imatumizanso uthenga wakewake wa `Content-Type`, ndipo ziwirizi zikatsutsana bulawuza imamvera seva. Ngati uthengawo ukunenabe `ISO-8859-1`, pofunika kukonza ndi pa seva pomwepo.