Pogulitsa matiresi akale, nenani zonse wogula asanakwere minibasi

Mchemwali wanga atauzidwa kuti akusamutsidwira ku Mzuzu, anaganiza zogulitsa matiresi ake a dabulo kuti katundu achepe m'lole. Anajambula bedi loyalidwa bwino, nalemba pafoni mawu ochepa: "Matiresi abwinobwino, ngati atsopano, mainchesi 8." Tsiku lachiwiri kunabwera bambo wina wochokera ku Kawale, atakwera maminibasi awiri kuti afike ku Area 25. Anachotsa nsalu, nasindikiza pakati ndi chibakera, nanunkhiza m'mbali, kenako anati, "Mayi, mukadandiuza sindikadataya thiransipoti yanga." Anabwerera chimanjamanja. Mchemwali wangayo sankafuna kunamiza munthu. Analemba za matiresi amene anagula zaka 4 zapitazo, osati amene anali m'chipinda tsiku limenelo.

Madzulo ake tinayambiranso, tepi yoyezera ili m'manja. Nambala ya mainchesi imene wogulitsa kusitolo anakuuzani ndi ya tsiku lomwe munagula, pakuti siponji imaphwa ikamagonedwa, ndipo imaphwa kwambiri pamene pamakhala chiuno ndi mapewa. M'mbali mumakhalabe mooneka bwino chifukwa palibe amagona m'mphepete usiku wonse. Choncho tinatsitsa matiresiwo pabedi n'kuwagoneka pasimenti, poti thabwa lopindika la bedi likhoza kunamizira matiresi kapena kuwabisira chilema. M'mphepete tinapeza mainchesi 7 ndi theka. Kenako tinagoneka thabwa lowongoka mopingasa, kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, n'kuyeza mpata umene unatsala pakati pa thabwalo ndi nsalu ya matiresi. Mbali imene ankagona mwamuna wake panali mpata wa inchesi imodzi ndi theka, ndiye kuti pamalopo panatsala mainchesi 6 okha. Manambala awiriwa ndi amene wogula amafunikira. Tinayezanso m'lifupi ndi m'litali, chifukwa mawu oti dabulo ena amawatchula mosasamala. Dabulo weniweni amakhala pafupifupi mafiti 4 ndi theka m'lifupi, pomwe kwini ndi mafiti 5. Munthu akagula kwini bedi lake lili la dabulo, matiresi amalendewera m'mbali.

Kulimba kumavuta kufotokoza, chifukwa zolimba kwa mwana wa sukulu n'zofewa kwa bambo wa thupi. Kulemba kuti "olimba bwino" sikuuza munthu kanthu. Chimene chimathandiza n'kunena zomwe mwayesa. Gwadani ndi bondo limodzi pakati pa matiresi ali pansi: ngati bondo likumva simenti, siponji yatha mphamvu, ngakhale ikuoneka yokhuthala. Mukadzuka, onani ngati dzenjelo likubwerera msanga kapena likutsalira. Mchemwali wanga, amene amalemera makilogalamu 70, bondo lake silinafike pansi mbali yake, koma mbali yolowa ija anamva kuuma. Tinalemba zomwezo. Ngati chikwangwani cha fakitale chikadalipo pakona, chijambuleni, chifukwa nthawi zambiri chimanena ngati siponji ndi yolemera kapena yopepuka. Ngati chinathothoka, musalembe zoganizira. Matiresi a masipuling'i ali ndi mayeso awo: yendetsani chikhatho paliponse kuti mumve ngati pali waya wobaya, ndipo mverani ngati akulira munthu akatembenuka.

Pa zothimbirira ndi pamene manyazi amatigwira ambirife, ndipo m'pamene chithunzi cha bedi loyalidwa chimachokera. Koma wogula adzachotsa nsaluyo basi, kaya pakhomo panu kaya kwake. Tulutsani matiresi panja masana, muwajambule mbali zonse ziwiri popanda choyala, ndipo banga lililonse mulijambule pafupi mutaikapo dzanja kapena bokosi la machesi kuti kukula kwake kudziwike. Nenaninso chimene chinalibweretsa. Banga la tiyi wotayika n'losiyana ndi la mkodzo wa mwana umene umalowa mpaka m'kati mwa siponji, ndipo wogula ali ndi ufulu wosankha akudziwa. Pa matiresi athu panali banga lachikasu lalikulu ngati mbale ya ndiwo, la mwana ali wakhanda.

Pali mawanga amtundu wina amene ine ndimati akapezeka malonda athere pomwepo. Tsegulani msoko wa m'mphepete ndi zala, makamaka kumutu, muunike ndi tochi ya foni. Timadontho takuda tounjikana ngati ta bolopeni ndi zitosi za nsikidzi, ndipo pafupi pake pamakhala timazira toyera kapena makoko ake. Nsikidzi zimatha miyezi osadya, choncho kusiya matiresi m'chipinda chosagona munthu sikuzipha. Kugulitsa matiresi otere mwakachetechete n'kulowetsa mavuto m'nyumba ya mnzako, ana ake n'kumagona akudzikanda. Mawanga akuda kapena obiriwira a kunsi, amene amabwera matiresi akakhalitsa pansi ponyowa m'nyengo ya dzinja, ndi nkhungu, ndipo munthu wa mphumu ayenera kuuzidwa.

Fungo la m'nyumba mwako sulimva, mphuno inazolowera. Tinatsekera matiresi m'chipinda kwa maola angapo, kenako tinaitana mayi oyandikana nawo nyumba kuti alowe atiuze mosabisa. Anati, "Amake mwana, kumbali kuli bangaku kukumveka pang'ono, kwinaku kulibe." Tinawayanika padzuwa masiku awiri, tikumawatembenuza. Kuwathira madzi ambiri sitinayerekeze, chifukwa siponji ikamwa madzi imachedwa kuuma m'kati ndipo fungo limangoipirapo. Kupopera pefyumu nako n'kubisa chabe, ndipo pakatha masiku ochepa fungo la fodya, la utsi wa mbaula kapena la chinyezi limabwereranso.

Chidziwitso chachiwiri chinali chotere: "Matiresi a siponji, dabulo, mafiti 4 ndi theka m'lifupi, agonedwa zaka 4. M'mbali mainchesi 7 ndi theka, mbali imodzi analowa ndi inchesi imodzi ndi theka. Pali banga la mkodzo wa mwana, onani chithunzi chachitatu, ndipo pafupi pake pamamveka kafungo pang'ono. Nsikidzi mulibe, m'nyumba muno sasuta fodya. Ali ku Area 25, mudzatenge nokha Loweruka kapena Lamulungu masana, bwerani ndi chingwe. Mudzalipira mukawaona." Mtengo anautsitsa kuti ugwirizane ndi zimene analembazo.

Mizere yomalizayo musaipeputse, chifukwa malonda ambiri amafera pakanyamulidwe. Matiresi a siponji opyapyala amapindika, n'kumangidwa ndi linya panjinga ya kabaza. Okhuthala ngati athuwa amavuta kupinda, ndipo kondakitala wa minibasi akhoza kukana kapena kulipiritsa mipando ingapo. A masipuling'i sapindidwa ayi, amafuna galimoto yapamtunda yotsegula kumbuyo. Nenani amene alipire galimotoyo, nenani ngati msewu umafika pakhomo, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo mumukumbutse wogula za pepala lapulasitiki lokutira. Tchulani dera lokha, nambala ya nyumba mudzampatsa amene mwagwirizana naye tsiku, ndipo tsikulo pakhale munthu wina pakhomo. Wogula apatsidwe nthawi yogwada, kugona ndi kununkhiza asanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money.

Amene anawatenga Loweruka lotsatira anali mayi wina wofunira ana ake awiri pogona. Anafika ndi galimoto ya mlamu wake, nayang'ana banga lija, nati n'lomwe analiona pachithunzi, ndipo analipira osanenerera mtengo.